Mafunso ndi mayankho: kusanja nkhani ya pamsonkhano kuti akuluakulu amve chiganizo poyamba, akatswiri alandire tsatanetsatane akafunsa

Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu amene wagwira ntchito yaluso kwa milungu kapena miyezi, monga injiniya, wowerengera ndalama kapena woyang'anira makompyuta, ndipo tsopano wapatsidwa mphindi zochepa kuti afotokoze zimene wapeza m'chipinda momwe mwakhala anthu a mitundu iwiri. Ena ndi akuluakulu a bungwe amene ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana, ndipo ena ndi akatswiri anzake amene akufuna kudziwa ngati ntchitoyo inagwiridwa molondola.

Kodi kusanja nkhani m'magawo kumatanthauza chiyani kwenikweni?

Kumatanthauza kukonza nkhani imodzi m'magawo atatu osiyana kuya kwake, mwakuti munthu akamva gawo loyamba lokha akhale atamva zokwanira kupanga chiganizo choyenera. Gawo la pamwamba limanena zimene mwapeza, zimene mukupempha kuti zichitike, mtengo wake, ndi chinthu chachikulu chimene chingalepheretse zimene mukulonjezazo. Gawo lapakati limapereka zifukwa zochepa, kawirikawiri ziwiri kapena zitatu, zimene zikuchirikiza pempho lanu, chilichonse ndi umboni umodzi wolimba. Gawo la pansi ndi tsatanetsatane yense: m'mene munayezera, zida zimene munagwiritsa ntchito, masamu ake, ndi njira zina zimene munaziganizira n'kuzisiya. Magawo awiri oyambawo mumawayankhula kwa onse, pamene lachitatulo mumalikonza mokwanira koma simulitsegula mpaka wina atafunsa.

Njirayi si yatsopano. Barbara Minto, yemwe ankagwira ntchito kukampani yolangiza za mabizinesi ya McKinsey, anaiphunzitsa kwa zaka zambiri ngati kasanjidwe kamene yankho limakhala pansonga ndipo mfundo iliyonse ya m'munsi imayankha funso limene mfundo ya pamwamba pake yadzutsa. Gulu lankhondo la dziko la Amereka nalonso lili ndi lamulo la kalembedwe lonena kuti mfundo yaikulu izikhala koyambirira kwa kalata.

Ntchito yanga inayamba ndi kafukufuku n'kuthera pa chiganizo. N'chifukwa chiyani ndiyenera kuitembenuza poifotokoza?

Chifukwa dongosolo limene munatsata pogwira ntchito linali loyenera inu amene munali musanadziwe yankho, koma silithandiza munthu amene wabwera kudzavomera kapena kukana. Mkulu wa bungwe akamamvetsera mbiri ya vuto, kenako njira zoyezera, kenako matebulo a manambala, amakhala alibe chomuthandiza kusiyanitsa nambala yofunika ndi yosafunika, poti sakudziwa kumene nkhaniyo ikulowera. Akadziwa kuyambira pachiyambi kuti mukupempha ndalama zakuti pa ntchito yakuti, nambala iliyonse imene mwatchula amaiyeza ndi funso limodzi lakuti kodi ikulimbitsa pempholo kapena ikulifooketsa.

Palinso chifukwa china chimene aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa bodi amachidziwa. Nkhani yanu imakhala imodzi mwa nkhani zambiri za tsikulo, zoyambirira zimadya nthawi ya zotsatira, ndipo amene ali ndi mphamvu yosaina ndi amenenso amaitanidwa panja msonkhano uli mkati. Ngati pempho lanu lili pasilaidi yomaliza, n'zotheka ndithu kuti amene munamukonzera pempholo sadzalimva.

Kodi zimenezi zimaoneka bwanji pa nkhani yeniyeni ya kuntchito?

Tiyerekeze injiniya wa bungwe logawa madzi m'tauni yaing'ono, ndipo manambala onse a m'chitsanzochi ndi ongoyerekeza. Bungweli limapopa madzi okwana makiyubiki mita 1,000 patsiku, koma amene amalembedwa m'mabilu ndi 620 okha, kutanthauza kuti 380 amasowa. Injiniyayo wayeza madzi olowa m'chigawo chilichonse pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku, nthawi imene anthu ambiri ali mtulo, chifukwa madzi ambiri amene amayendabe nthawi imeneyo amakhala otayika m'malo odontha. Wapeza kuti paipi imodzi yakale, yotalika makilomita awiri, ikutaya makiyubiki mita pafupifupi 150 patsiku. Kuichotsa n'kuika yatsopano kukufuna K90 miliyoni. Wapatsidwa mphindi 20 pamsonkhano wa bodi.

Gawo lake la pamwamba lingamveke chonchi: "A wapampando, ndikupempha bodi kuti lero ivomereze K90 miliyoni yosinthira paipi yakale ya makilomita awiri. Pa madzi onse amene timataya tsiku lililonse, pafupifupi magawo awiri mwa asanu akuthera papaipi imeneyi. Ngati madzi opulumutsidwawo agulitsidwa pa K1,000 kiyubiki mita iliyonse, ndalamayi ibwerera m'miyezi pafupifupi 20. Tinayeza kwa masiku asanu ndi awiri okha, choncho nthawiyo ingakhale pakati pa miyezi 16 ndi 27, ndiponso chiwerengerochi chikudalira kuti alipo anthu ogula madziwo." Mawu amenewa safika ngakhale mphindi ziwiri, koma membala wa bodi amene angatuluke atangowamva wadziwa pempho, mtengo, phindu ndi kukayikira kwake.

Gawo lapakati lili ndi masilaidi atatu, ndipo iliyonse ikuyankha funso limene munthu woganiza bwino angakhale nalo atamva pempholo. Yoyamba ikuyankha lakuti mukudziwa bwanji kuti vuto lili papaipi imeneyi, ndipo ikuonetsa chithunzi chimodzi choyerekeza madzi oyenda usiku m'zigawo zonse. Yachiwiri ikuyankha lakuti bwanji osangopitiriza kumata pamene paboola, ndipo ikuonetsa kuchuluka kwa nthawi zimene paipiyo yaphulika m'zaka zapitazi pamodzi ndi ndalama zimene zalowa pokonza. Yachitatu ikuonetsa masamu a kubwerera kwa ndalama: makiyubiki mita 150 pa K1,000 ndi K150,000 patsiku, imene ndi pafupifupi K55 miliyoni pachaka, ndipo K90 miliyoni ikagawidwa ndi chiwerengerochi ikupereka chaka chimodzi ndi miyezi isanu ndi itatu. Masilaidi atatuwa angatenge mphindi zisanu ndi imodzi, ndipo mphindi 12 zotsalazo ndi za mafunso ndi kukambirana.

Gawo la pansi lingakhale ndi masilaidi khumi kapena kuposerapo: zimene mita inawerenga usiku uliwonse, mtundu wa mita ndi tsiku limene inapimidwa ngati ikulondola, mphamvu ya madzi m'paipi pa nthawi yoyeza, kuchuluka kwa madzi amene anachotseredwa poganizira kuti chipatala ndi nyumba zina zimagwiritsabe ntchito madzi usiku, mitengo imene makontirakitala anapereka, ndi chifukwa chimene anasankhira paipi ya kukula kumeneko. Zonsezi ndi ntchito imene injiniyayo anaikhetsera thukuta, ndipo n'zopweteka kuti mwina palibe amene adzapemphe kuziona, koma kukhalapo kwake n'kumene kumamulola kuyankhula gawo la pamwamba mosanjenjemera.

Ndingadziwe bwanji chimene chiyenera kukwera pamwamba ndi chimene chingatsale pansi?

Ili ndiye funso lofunika kuposa onse patsamba lino, ndipo ndi pamene anthu ambiri amene aphunzira njirayi amagwa. Muyeso wake si wakuti mfundoyo ndi yovuta kapena yosavuta kumva. Muyeso wake ndi uwu: kodi mkulu wa bungwe atadziwa mfundo imeneyi, chiganizo chake chingasinthe? Ngati chingasinthe, mfundoyo ndi ya pamwamba ngakhale itakhala yaluso chotani, ndipo udindo wanu ndi kuinena m'mawu amene munthu wosaphunzira ntchito yanu angamve. Ngati sichingasinthe, mfundoyo itsikire pansi ngakhale mutaikonda chotani.

M'chitsanzo cha paipi chija, dzina la mita imene inagwiritsidwa ntchito ndi la pansi, chifukwa bodi singasinthe maganizo poimva. Koma mfundo yakuti muyeso unachitika kwa sabata imodzi yokha ndi ya pamwamba, poti ikusintha nthawi yobwerera ndalama ndi miyezi yambiri. Chimodzimodzinso funso la ogula. Ngati m'tauniyo muli anthu amene akudikira kulumikizidwa madzi kapena amene amalandira madzi maola ochepa patsiku, madzi opulumutsidwa adzagulitsidwa pa mtengo wonse. Ngati aliyense ali kale ndi madzi okwanira, bungwe lidzangopulumutsa ndalama za magetsi opopera ndi mankhwala oyeretsera, zimene ndi zochepa kwambiri kuyerekeza ndi mtengo wogulitsira, ndipo miyezi 20 ija ingasanduke zaka zingapo. Injiniya amene angaike mfundo imeneyi pasilaidi ya nambala 14, n'kumayembekeza kuti wina aifunsa, wanamiza bodi ngakhale palibe liwu labodza limene wanena.

Pali chitsanzo chenicheni chomvetsa chisoni cha zimenezi. Pa 16 Januwale 2003, chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chitangonyamuka ku Amereka, chidutswa cha thovu louma lokutira thanki ya mafuta chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Chombocho chili m'mlengalenga, mainjiniya a kampani ya Boeing anakonza masilaidi ofotokozera akuluakulu a NASA, bungwe la Amereka loyendetsa maulendo a m'mlengalenga, kukula kwa ngoziyo. Mutu wa silaidi ina yofunika kwambiri unkapereka chithunzi cholimbitsa mtima, chonena kuti njira yowerengera imene ankagwiritsa ntchito imakonda kukokomeza kuwonongeka. Koma m'munsi mwa silaidi yomweyo, m'zilembo zing'onozing'ono, munalembedwa kuti zimene zinachitikazo zinali kutali kwambiri ndi zimene zinayesedwapo: zidutswa za m'mayeso zinali za makiyubiki inchi 3, pamene gawo la thovu limene ankalikambalo linali la makiyubiki inchi 1,920, ndiko kuti lalikulu kuwirikiza ka 640. Mwa mawu ena, mayesowo sakanatha kunena zambiri pa za ngoziyi. Pa 1 Febuluwale 2003 chombocho chinasweka pobwerera kudziko, ndipo anthu onse asanu ndi awiri amene analimo anamwalira. Komiti yofufuza ngoziyi inapeza zifukwa zambiri, zaluso ndi za kayendetsedwe ka bungwe, ndipo sikungakhale chilungamo kunena kuti silaidi imodzi ndiyo inapha anthuwo. Komabe komitiyo inaika m'lipoti lake kusanthula kwa Edward Tufte, katswiri wa kaonetsedwe ka manambala ndi zithunzi, pa silaidi imeneyi, ndipo inanena kuti n'zosavuta kuona m'mene mkulu wa bungwe akanaiwerengera osazindikira kuti ikukamba za moyo ndi imfa. Silaidiyo inali ndi mutu pamwamba ndi tsatanetsatane pansi monga mwa lamulo, koma chimene chinayenera kukhala mutu ndicho chinakwiriridwa pansi.

Kodi si mwano kuyamba ndi pempho pamaso pa akuluakulu, usanayale nkhani?

Nkhawa imeneyi ndi yomveka, makamaka kwa ife amene tinakula tikuphunzitsidwa kuti nkhani yaikulu siigwera pamutu ndipo wamng'ono sauza wamkulu chochita. Ulemu wake usachotsedwe: lonjerani a wapampando ndi mamembala monga mwa mwambo wa bungwe lanu, thokozani chifukwa cha mpata umene mwapatsidwa, ndipo nenani chiganizo chanu ngati pempho kapena langizo limene iwo ali ndi ufulu wolikana. Chimene muyenera kudumpha ndi mbiri yaitali imene imabwera pambuyo pa malonje, ija yoyambira chaka chimene bungwe linakhazikitsidwa. Ziganizo ziwiri zokumbutsa nkhani zimakwana, monga kunena kuti pamsonkhano wapita bodi inapempha kuti afufuze kumene madzi akutayikira ndipo lero mwabwera ndi yankho. Mawu otere amaonetsanso kuti simukudzitukumula, koma mukubweza ntchito imene iwo eni anakutumani.

Masilaidi a gawo la pansi ndiwakonze bwanji kuti ndiwapeze msanga wina akafunsa?

Yambani ndi kulemba mafunso amene mukuyembekeza, osati ndi zinthu zimene muli nazo. Ganizirani munthu aliyense amene adzakhale m'chipindamo, monga wa zachuma, wogula katundu, injiniya mnzanu ndi woona za malamulo, ndipo lembani funso lovuta kwambiri limene aliyense angafunse. Funso lililonse likhale ndi silaidi yake imodzi, ndipo mutu wa silaidiyo ukhale chiganizo chathunthu chimene chikuyankha funsolo. Mutu wakuti "Zotsatira za mita" suthandiza, pamene wakuti "Usiku uliwonse mwa masiku asanu ndi awiri, madzi otayika anali pakati pa makiyubiki mita 110 ndi 190 patsiku" wayankha kale munthu asanayang'ane tebulo. Choncho ngakhale gawo la pansi limatsata lamulo lomwe lija, yankho pamwamba ndi umboni m'munsi.

Masilaidi amenewa aikidwe pambuyo pa silaidi yomaliza ya nkhani yanu, ndipo onse akhale ndi manambala ooneka. Mu PowerPoint mungawabise ndi lamulo la `Hide Slide` kuti asatulukire mwangozi mukamapitiriza kutsogolo, mu LibreOffice Impress lamuloli lili ndi dzina lomwelo, ndipo mu Google Slides limatchedwa `Skip slide`. Nkhani ili mkati mu PowerPoint, mukalemba nambala ya silaidi n'kudina `Enter`, mumafika pomwepo ngakhale silaidiyo ili yobisika, ndipo kubwerera kumene munali kumachitika mwa njira yomweyo. Batani la `B` limadetsa sikirini yonse, zimene zimathandiza pamene mukufuna kuti anthu aleke kuwerenga ayang'ane amene akuyankhula.

Chimene chimasowa kawirikawiri si luso la kompyuta ayi, koma kapepala kamodzi kokhala pambali panu, kolembedwa nambala ya silaidi iliyonse ndi funso limene ikuyankha. Popanda kapepalako mudzayamba kudutsa masilaidi onse pamaso pa bodi mukufunafuna imodzi, ndipo silaidi iliyonse imene yang'anima pakhoma imadzutsa funso latsopano limene palibe anali nalo. N'chanzerunso kusindikiza masamba awiri kapena atatu ofunika kwambiri a gawo la pansi, kuti magetsi akazima kapena pulojekita ikakana, umboni ukhalebe m'manja mwanu.

Nanga katswiri akafunsa funso lakuya ndili pakati pa nkhani, ndiyankhe pomwepo kapena ndimuuze adikire?

Yankhani pomwepo koma mwachidule, ndipo sanjani yankholo monga munasanjira nkhani yonse. Choyamba nenani yankho lenileni m'chiganizo chimodzi, kenako nenani ngati likukhudza pempho lanu kapena ayi, ndipo pomaliza tchulani kumene umboni uli. Mwachitsanzo, injiniya mnzake akafunsa ngati anaganizira kuti mphamvu ya madzi m'paipi imakwera usiku, zimene zimachititsa kuti madzi odontha usiku achuluke kuposa a masana, wofotokozayo anganene kuti: "Inde, tinaganizira zimenezo ndipo tinachepetsa chiwerengero cha tsiku lonse molingana ndi mphamvu ya masana, choncho 150 ija ndi nambala yokonzedwa kale. Masamu ake ali pasilaidi 11, ndipo ngati a wapampando alola ndingaionetse tsopano." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa amapereka kwa wapampando mphamvu yosankha ngati chipinda chonse chitsike pansi kapena ayi.

Nthawi zina funsolo limavumbula chinthu chimene simunachiganizire ndipo chingasinthe pempho lanu. Zikatero musalikankhire kumapeto kwa msonkhano, chifukwa kutero ndi kulola bodi kuvomera chinthu chimene inu mwini mwayamba kuchikayikira. Nenani poyera kuti mfundoyo ndi yoona, fotokozani kuti ingasunthire chiwerengero kumbali iti, ndipo tchulani tsiku limene mudzabweretse yankho. Funso limene lingadikire ndi lija lokhudza akatswiri awiri okha, monga kusiyana maganizo pa mtundu wa zolumikizira mapaipi, limene yankho lake lililonse silisintha mtengo kapena chiganizo.

Samalaninso ndi kutsika kosabwerera. Mukatsegula silaidi ya gawo la pansi, mukayankha bwererani kumene munali ndipo mutchulenso pempho lanu, chifukwa pambuyo pa mphindi zitatu za masamu ena m'chipindamo amakhala atataya ulusi wa nkhani.

Ndauzidwa ndili pakhomo kuti mphindi 20 zija zasanduka zisanu. Nditani?

Nenani gawo la pamwamba lonse osachotsapo kanthu, makamaka kukayikira kwake, kenako tchulani mitu ya zifukwa zitatu zija popanda kuonetsa zithunzi zake, ndipo siyani mphindi ziwiri za mafunso. Musayese kuthamangitsa masilaidi onse mwaliwiro. Ngati nkhani yanu singapirire kudulidwa kotere, ndiye kuti sinasanjidwe bwino kuyambira pachiyambi, ndipo n'chifukwa chake kuli bwino kuyeseza mitundu yonse iwiri, wautali ndi waufupi, tsiku la msonkhano lisanafike.

Kodi akatswiri anzanga sadzaona ngati ndawanyoza powabisira tsatanetsatane?

Angaone choncho ngati akumana ndi manambala anu koyamba pamsonkhano womwewo. Katswiri sangaweruze ntchito ya milungu ingapo poyang'ana tebulo pakhoma kwa mphindi imodzi, ndipo akakakamizidwa kutero amadziteteza pofunsa mafunso ambiri, zimene akuluakulu amaziona ngati kusagwirizana kwa akatswiri. Choncho gawo la pansi litumizidwe kwa iwo masiku awiri kapena atatu msonkhano usanachitike, pamodzi ndi matebulo enieni amene angathe kuwerengera okha, ndipo ngati n'kotheka mukhale nawo pansi kwa theka la ola. Pajatu kutsutsa galu n'kukumba, ndipo katswiri amene wapatsidwa mpata wokumba yekha n'kupeza kuti manambala ali bwino amakhala mboni yanu pamene wapampando atembenuka n'kumufunsa ngati akugwirizana nazo. Akapeza cholakwa, ndi bwino kuti wachipeza pamene mungathe kuchikonza.

Pamsonkhano penipeni, nenani koyambirira kuti tsatanetsatane alipo ndipo mwakonzeka kumutsegula. Chiganizo chimodzi chonena kuti njira yoyezera, zimene mita inawerenga ndi mitengo ya makontirakitala zili m'masilaidi a kumapeto chimakhazika mtima wa katswiri pansi, poti wadziwa kuti palibe chimene chikuzembetsedwa.

Kodi pali nthawi imene kuyamba ndi chiganizo sikuyenera?

Ilipo. Ngati mwaitana akatswiri okhaokha kuti aunike njira imene munatsata, ntchito yawo ndi kuyenda nanu sitepe ndi sitepe, ndipo gawo la pansi ndilo limakhala nkhani yeniyeni. Ngati ntchito sinafike poti n'kupereka langizo, musapeke chiganizo pofuna kudzaza silaidi yoyamba. Pamenepo gawo la pamwamba linene moona kuti yankho silinapezeke, litchule zimene zatsimikizika kale, zimene zatsala, ndi chimene mukufuna kwa akuluakulu kuti mumalize, kaya ndi nthawi, ndalama kapena chilolezo.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya uthenga wowawa, monga wakuti pulojekiti imene mkulu wina anailimbikitsa yalephera. Ena amalangiza kuti pa nkhani yotere muyambe ndi umboni kuti omvera afike okha pa chiganizo. Ine ndimaona kuti njira imeneyi imagwira ntchito kawirikawiri pokambirana awiri, koma pamsonkhano imakonda kubala zoipa, chifukwa akuluakulu amazindikira msanga kuti mukuzungulira ndipo amayamba kudula nkhani ndi mafunso. Chothandiza kwambiri ndi kukaonana ndi munthu wokhudzidwayo payekha msonkhano usanachitike, kuti asamve koyamba pamaso pa anzake, ndipo kenako pamsonkhano munene chiganizocho poyamba monga mwa nthawi zonse.

Ndingazindikire bwanji kuti kasanjidwe kanga kalakwika ndisanafike pamsonkhano?

Pali mayeso atatu amene satenga nthawi. Loyamba ndi kuwerenga mitu yokha ya masilaidi a gawo la pamwamba ndi lapakati, motsatana, osayang'ana zili m'munsi mwake. Ngati mituyo payokha ikupanga nkhani yomveka yochokera pa pempho kufika pa zifukwa zake, kasanjidweko kali bwino, koma ngati mukumva mawu ongotchula zinthu monga "Mbiri", "Njira" ndi "Zotsatira", ndiye kuti mwabwerera ku dongosolo la kafukufuku.

Lachiwiri ndi kupeza munthu wa kuntchito kwanu amene sadziwa luso lanu, kumuuza gawo la pamwamba lokha, n'kumupempha kuti abwereze m'mawu ake zimene mukupempha, mtengo wake ndi chimene chingalakwike. Kawirikawiri anthu amakumbukira pempho ndi mtengo koma amaiwala chokayikitsacho, ndipo zikatero ndiye kuti mwachinena mopepuka kwambiri kapena mwachiika pamalo pamene khutu lapumula kale.

Lachitatu limafuna katswiri mnzanu. Mupatseni gawo la pansi lokha, osamuonetsa chiganizo chanu, ndipo mumufunse kuti iye akanalangiza chiyani ndiponso akanachenjeza za chiyani. Ngati afika pa langizo losiyana ndi lanu, ndiye kuti pamwamba panu pakunena zoposa zimene umboni ukulola. Ngati atchula chenjezo limene mulibe m'gawo la pamwamba, libwezereni ku muyeso uja wa ngati lingasinthe chiganizo cha bodi. Yang'ananinso kuti nambala iliyonse ya pamwamba ikupezeka chimodzimodzi pansi, chifukwa nthawi zambiri tebulo limakonzedwa usiku womaliza koma silaidi yoyamba imatsala ndi nambala yakale, ndipo wa zachuma akaona K90 miliyoni pasilaidi yoyamba ndi K96 miliyoni pasilaidi 12, mphindi zotsala za msonkhano zidzathera pa kusiyana kumeneko m'malo mwa paipi.